Kuchoka pa ukalaliki kufika pa uakauntanti: kuyeza zoperewera ndi kuzikwaniritsa

Udindo uliwonse wa pantchito umadziwika ndi zimene mwini wake amayenera kutulutsa nthawi ikakwana, monga lipoti, ndandanda wa malipiro, fomu ya msonkho, kapena chigamulo chimene iye amasainira n'kuyankhapo zinthu zikalakwika. Wantchito amene akufuna kukwera amafananiza zimenezi ndi zimene iye amatha kale, ndipo zotsalazo ndiye zoperewera zake. Kufananizaku kumaoneka kosavuta, koma kumasokonekera pa zifukwa ziwiri. Ambiri sadziwa bwino zimene udindo wapamwambawo umachita, ndiponso amadziyeza potengera mmene akudzimvera m'malo moyang'ana ntchito imene anagwirapo ndi manja awo. Njira yake imaoneka bwino pa ntchito ya kalaliki wa maakaunti amene akufuna kukhala akauntanti, chifukwa pa ntchito ya ndalama chilichonse chimasiya pepala, ndipo pepala limakana bodza.

Chitsanzo chake chikhale kalaliki wa pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Wagwira ntchito zaka zinayi, ali ndi satifiketi ya maakaunti ya bungwe la ICAM, ndipo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kulemba marisiti, kulowetsa mainvoisi mu kompyuta, kusunga ndalama za zogula zing'onozing'ono ndi kukasiya ndalama kubanki. Pamwamba pake pali akauntanti, ndipo pamwamba pa akauntantiyo pali mkulu wa zachuma.

Kudziwa udindo umene ukufunidwawo

Poyambira ndi udindo wapamwambawo, osati munthu wofuna kukwerayo. Woyamba ndi kulemba maluso ake amangolemba zimene zimamusangalatsa, kenako n'kuyamba kufunafuna pamene zingalowe. Woyamba ndi udindo amakakamizika kuona ngakhale zimene sakanafuna kuona.

Gwero loyamba ndi chikalata chofotokoza ntchito ya akauntanti pa kampani pomwepo, chimene chimasungidwa ku ofesi yoona za antchito. Chikalatachi chimakhala chakale kawirikawiri, ndipo chimalemba ntchito m'mawu otakata monga "kuyang'anira mabuku a kampani". Gwero lachiwiri ndi zilengezo za ntchito za m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times komanso za pa intaneti. Chilengezo chimodzi sichikwanira, chifukwa olemba ntchito amakonda kuunjikamo zofuna zawo zonse, zofunika ndi zongolakalaka zomwe. Zilengezo khumi za udindo womwewo zikaikidwa pamodzi, zimene zikupezeka m'zisanu ndi ziwiri kapena kuposa ndizo mtima wa ntchitoyo. Zimene zatchulidwa kamodzi kokha ndi zofuna za kampani imodziyo. Pa uakauntanti, zobwerezabwereza zimakhala dipuloma kapena digiri ya maakaunti, umembala wa ICAM, kudziwa pulogalamu monga Sage kapena QuickBooks, kudziwa misonkho, ndi zaka zingapo zogwira ntchitoyo.

Gwero lachitatu, lomwe limaposa awiriwa, ndi kalendala ya munthu amene ali pa udindowo. Kalaliki akayang'anitsitsa zimene akauntanti amachita kuyambira tsiku loyamba la mwezi mpaka lomaliza, amapeza ntchito zenizeni zokhala ndi masiku ake. Kumayambiriro kwa mwezi akauntanti amayanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki. Pofika pa 14 amakhala atapereka ku MRA msonkho wa PAYE umene unadulidwa pa malipiro a mwezi wathawo, ndipo pofika pa 25 amakhala atatumiza fomu ya msonkho wa VAT kudzera pa Msonkho Online. Chakumapeto amakonza ndandanda wa malipiro, kuphatikizapo ndalama za penshoni. Pakatipakati amalemba lipoti la mwezi la abwana, amatsata makasitomala amene sanabweze ngongole, ndipo kamodzi pachaka amakhala pansi ndi maodita. Ndandanda wotere ndi umene umayezeka. Mawu akuti "kuyang'anira mabuku" sayezeka, koma akuti "kumaliza kuyanjanitsa maakaunti atatu a kubanki m'sabata yoyamba ya mwezi" amayezeka.

Kalendala imabisa chinthu chimodzi, chomwe ndi zigamulo. Akauntanti amasankha amene alipidwe kaye ndalama zikachepa, amakana vocha yopanda risiti ngakhale yachokera kwa munthu wamkulu, ndipo amafotokozera abwana chifukwa chimene phindu latsikira pamene malonda akwera. Zimenezi sizilembedwa m'zilengezo, koma ndi zimene mkulu wa zachuma amaganizira akamasankha wokweza. Zimadziwika pofunsa mwini udindo, ndipo funso lothandiza kwambiri ndi lolunjika pa ntchito: "Bwana, mutapita ku tchuthi mwezi uno, ndi ntchito iti imene simungandisiyire, ndipo n'chifukwa chiyani?" Funso lakuti "ndikugwira bwanji ntchito?" limabweretsa yankho laulemu lopanda kanthu. Funso la tchuthi limabweretsa dzina la ntchito ndi chifukwa chake.

Kudziyeza ndi umboni

Ndandanda wa ntchito za udindo wapamwamba ukakhalapo, ntchito iliyonse imapatsidwa mulingo. Milingo inayi imakwana. Mulingo 0 ndi wa ntchito imene munthu sanaionepo. Mulingo 1 ndi wa ntchito imene anaiphunzira m'kalasi kapena anaonerera wina akuigwira. Mulingo 2 ndi wa ntchito imene anaigwirapo wina akumuyang'anira ndi kumukonza. Mulingo 3 ndi wa ntchito imene amaigwira yekha, m'nthawi yake, n'kumapeza yekha pamene walakwitsa. Lamulo lake ndi limodzi: mulingo 2 kapena 3 sulembedwa popanda kuloza pepala, mwezi ndi munthu amene angachitire umboni.

Chinyengo chachikulu chili pakati pa mulingo 1 ndi mulingo 2. Kondakitala wa minibasi amene wakhala kumbuyo kwa dalaivala zaka zambiri amadziwa msewu wonse ndi pamene giya imasinthidwa, koma chiwongolero sanachigwirepo, ndipo zimenezi zimaonekera pa mtunda woyamba. Kalaliki amene amabweretsa sitetimenti kuchokera kubanki mwezi ndi mwezi, n'kumaona akauntanti akuchonga mizere, amafika podzimva kuti kuyanjanitsa amakudziwa, makamaka popeza kunalinso pa mayeso a satifiketi. Choonadi chimatuluka akapatsidwa mapepala n'kusiyidwa yekha.

Mayeso ake angakhale motere. Buku la ndalama likuonetsa K4,850,000 pa tsiku lomaliza la mwezi, pamene sitetimenti ya kubanki ikuonetsa K5,310,000. Kusiyana ndi K460,000. Wosazolowera amayamba kufunafuna malipiro amodzi a K460,000, ndipo sawapeza, chifukwa kusiyanako kwapangidwa ndi zinthu zinayi zokokera mbali ziwiri. Pali K600,000 yolipira fakitale ya simenti, imene inalembedwa m'buku pa 30 koma banki inaitumiza pa 2 mwezi wotsatira. Pali K250,000 ya malonda a tsiku lomaliza, imene inalembedwa m'buku koma sinaonekere kubanki. Pali K40,000 imene banki inadula ngati malipiro ake, ndipo m'buku mulibe. Pomaliza pali K150,000 imene kasitomala wina anaika yekha ku akaunti osadziwitsa ofesi.

Luso lagona pozindikira kuti zinthu zinayizi si zamtundu umodzi. Ziwiri zomalizazo ndi zimene buku silinadziwe, choncho zimalowetsedwa m'buku: K4,850,000 kuchotsapo K40,000 n'kuwonjezerapo K150,000 imakhala K4,960,000. Ziwiri zoyambazo ndi zimene banki sinamalize, choncho buku silikhudzidwa, zimangosonyezedwa ku mbali ya sitetimenti: K5,310,000 kuchotsapo K600,000 n'kuwonjezerapo K250,000 imakhalanso K4,960,000. Mbali ziwirizi zikakumana, kuyanjanitsa kwatha. Koma akauntanti weniweni samaima pomwepo. Amafufuza kuti K150,000 ija ndi ya kasitomala uti, kuti ngongole yake itsike, ndipo amabwerera ku sitetimenti ya mwezi wotsatira kukaona ngati K250,000 ija inafikadi kubanki. Ndalama zolembedwa kuti zasungitsidwa koma zosaonekera kwa sabata yathunthu ndi chizindikiro chodziwika cha kusokonekera kapena kuba. Kalaliki amene wagwirizanitsa manambala koma osafunsa mafunso awiriwa ali pa mulingo 2, ngakhale atamaliza msanga.

Mayeso otere amachitika pa mapepala a mwezi umene unatsekedwa kale, chifukwa yankho lake lili m'failo ndipo palibe chimene chingawonongeke. Nthawi iyeneranso kuwerengedwa. Ntchito imene akauntanti amaimaliza m'mawa umodzi, ngati kalaliki watenga masiku atatu, ndiye kuti njira akuidziwa koma sanaizolowere, ndipo zimenezo n'zoperewera za mtundu wina.

Kudziyeza kumalakwikanso mbali inayo. Pali makalaliki amene akhala akugwira theka la ntchito ya akauntanti kwa zaka, osaiwerengera chifukwa sinalembedwe m'kalata yawo ya ntchito. Kalaliki wa ku Limbe uja, mwachitsanzo, ndi amene amaimbira foni makasitomala angongole ndipo amadziwa amene amalipira mochedwa. Pa ntchito yotsata ngongole ali pa mulingo 3 osadziwa. N'chifukwa chake ndandandawo umapatsidwanso kwa akauntanti kuti aike milingo yake payekha, asanaone ya kalaliki. Pamene milingo iwiriyo yasiyana ndi pamene pali nkhani. Ngati kalaliki wadzipatsa 3 koma bwana wamupatsa 1, pali zotheka ziwiri: mwina akudzinamiza, kapena amaitha ntchitoyo koma bwana sanaionepo. Chachiwirichi sichifuna maphunziro, chimangofuna kuti ntchitoyo ionekere.

Zoperewera si zamtundu umodzi

Ndandanda wa kalaliki uja ukatha, umaoneka chonchi. Kulowetsa mainvoisi ndi kutsata ngongole zili pa 3. Kuyanjanitsa ndi banki kuli pa 1, VAT ili pa 1, ndandanda wa malipiro uli pa 0, lipoti la mwezi lili pa 0, ndipo kukumana ndi maodita kuli pa 1, chifukwa chaka chilichonse amangowanyamulira mafailo. Dipuloma alibe. Mu Excel amatha kulemba ndi kuphatikiza mizere, koma SUMIFS, VLOOKUP ndi PivotTable sanazigwiritsepo ntchito.

Zoperewerazi zimagawika patatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake. Mtundu woyamba ndi wa pepala. Dipuloma kapena umembala wa bungwe ndi chipata, ndipo wopanda pepalalo kalata yake imachotsedwa asanaitanidwe ku intavyu, ngakhale ntchito ataidziwa bwanji. M'boma ndi m'mabungwe akuluakulu chipatachi n'cholimba kwambiri, pamene m'makampani ang'onoang'ono mwini wake akhoza kuchilumpha. Mtundu wachiwiri ndi wa chidziwitso, pamene munthu sakudziwa lamulo kapena njira, monga kusiyanitsa katundu wolipira VAT ndi wosalipira. Mtundu wachitatu ndi wa kuzolowera, pamene munthu akudziwa koma sanapatsidwepo ntchitoyo m'manja.

Kulakwitsa kofala ndi kuthira mankhwala a mtundu woyamba pa matenda a mtundu wachitatu. Munthu akakanidwa kukwezedwa amathamangira kukalembetsa kosi ina, chifukwa kosi imagulika ndi ndalama ndipo imapereka pepala looneka, pamene kupempha ntchito kwa bwana kumafuna kulimba mtima. Zotsatira zake ndi makalaliki okhala ndi masatifiketi anayi amene sanatumizepo fomu ya msonkho ngakhale imodzi. Kulakwitsa kwa mbali ina kuliponso, ngakhale sikuchuluka: munthu waluso amene amanyoza mapepala, n'kukhala zaka khumi akugwira ntchito ya akauntanti pa malipiro a kalaliki, osatha kuchoka chifukwa kunja palibe womuitana.

Kusankha zoyamba

Zoperewera zisanu ndi ziwiri sizingathe pakamodzi. Munthu wogwira ntchito tsiku lonse, wokhalanso ndi banja, akapeza maola asanu pa sabata ndiye kuti wayesetsa, ndipo pa miyezi isanu ndi umodzi amakhala maola pafupifupi 130. Maola amenewa amakwanira zinthu ziwiri kapena zitatu basi. Posankha, funso si lakuti chovuta kwambiri n'chiti kapena chosangalatsa n'chiti. Mafunso ndi awiri: ntchitoyi imabwera kangati, ndipo ikalakwika imawononga zochuluka bwanji?

Pa muyeso umenewu misonkho imakhala patsogolo, chifukwa imabwera mwezi uliwonse, ili ndi tsiku losasuntha, ndipo kuchedwa kapena kulakwitsa kumabweretsa chindapusa ndi chiwongoladzanja kuchokera ku MRA. Kuyanjanitsa ndi banki kumabwera nayo limodzi, popeza lipoti lililonse limadalira kuti buku la ndalama likhale loona. Lipoti la mwezi limadikira, osati chifukwa n'losafunika, koma chifukwa limamangidwa pa zinazo. Dipuloma imayamba nthawi yomweyo koma imayenda panjira yakeyake, chifukwa imatenga nthawi yaitali kuposa zonse ndipo kuichedwetsa kumachedwetsa chilichonse. Maphunziro a maakaunti amapezeka ku Malawi College of Accountancy, ku MUBAS ndi m'makoleji ena, ndipo asanalipire fizi munthu ayenera kutsimikiza kuti pepala la kolejiyo ndi lovomerezeka ndi bungwe la NCHE kapena kuti mayeso ake ndi a ICAM enieni.

Pali malire amene changu sichingawasunthe, ndipo ambiri sawaganizira. Ntchito zina zili ndi nyengo yake. Mwezi umatha kakhumi ndi kawiri pachaka, choncho pa miyezi isanu ndi umodzi kalaliki ali ndi mwayi kasanu ndi kamodzi kokha woyanjanitsa mabuku enieni ndi kukonza fomu ya VAT yeniyeni. Maodita amabwera kamodzi. Amene waphonya oditi ya chaka chino wadikira chaka china chathunthu. Ndondomeko yabwino imayamba ndi kulemba masiku amenewa, kenako maphunziro a kunyumba amaikidwa patsogolo pa tsiku lililonse, kuti mwayi ukafika upeze munthu atakonzeka.

Kupeza ntchitoyo m'manja

Zoperewera za chidziwitso zimatha ndi buku, ndi mafomu akale a m'failo, ndi kuwerengera pa pepala. Ndandanda wa malipiro ndi chitsanzo chabwino, chifukwa ndi chinsinsi cha kampani ndipo kalaliki sangapatsidwe kuti aziphunzirirapo. Akhoza kupeka antchito asanu ndi malipiro awo, n'kuwerengera yekha. Lamulo la penshoni ku Malawi limafuna kuti wolemba ntchito aziika zosachepera 10 peresenti ndipo wantchito zosachepera 5 peresenti, choncho pa malipiro a K400,000 wantchito amadulidwa K20,000 ndipo kampani imawonjezera K40,000 kuchokera m'thumba lake. Wongoyamba amakonda kudula zonse K60,000 kwa wantchito, kapena kuiwala kuti K40,000 ija ndi ndalama imene kampani yawononga ndipo iyenera kuonekera m'mabuku. Magawo a PAYE amasintha ndi bajeti ya boma, kotero ayenera kutengedwa ku MRA a chaka chomwecho, osati a m'kabuku ka kusukulu. Akamaliza amapereka pepalalo kwa akauntanti kuti alichonge, zomwe sizitenga mphindi khumi.

Excel nayo imaphunzirika pa ntchito ya munthu mwini. Kalaliki uja ali kale ndi ndandanda wa mainvoisi mazana angapo pa mwezi. M'malo mophatikiza ndi kakyuleta ngongole za kasitomala aliyense, akhoza kulemba mzere umodzi umene umaphatikiza ndalama za mu danga D paliponse pamene dzina la mu danga B likufanana ndi lolembedwa mu F2:

```
=SUMIFS(D:D,B:B,F2)
```

Yankho likasiyana ndi la kakyuleta, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala dzina la kasitomala lolembedwa mwa njira ziwiri, ndipo kupeza zimenezo ndi phunziro lina lofunika pa uakauntanti.

Zoperewera za kuzolowera sizitha popanda chilolezo cha wina, ndipo apa ndi pamene ndondomeko zambiri zimafera. Pempho lotakata, monga lakuti "mundipatseko ntchito zina ndiphunzire", limavomerezedwa ndi pakamwa n'kuiwalika. Pempho limene limayenda ndi laling'ono, lokhala ndi dzina la ntchito, mwezi wake ndi chitetezo kwa bwana. Kalaliki angapemphe kuti mwezi uno akonze fomu ya VAT pa pepala pofika pa 18, akauntanti aiyerekeze ndi yake, ndipo yotumizidwa ku MRA ikhale ya akauntantiyo. Mwezi wachiwiri zimachitikanso chimodzimodzi. Mafomu awiriwo akafanana kawiri motsatizana, mwezi wachitatu kalaliki amakonza yekha, akauntanti n'kungochonga asanatumize. Bwana sataya kanthu pa dongosolo lotere, ndipo pakutha pake amapeza womupepuza.

Nthawi zina bwana amakana pa chifukwa chomveka, ndipo kukana kotere sikuyenera kutengedwa ngati nsanje. Pa ntchito ya ndalama pali mfundo yakuti munthu mmodzi asagwire ndalama n'kukhalanso woyang'anira mabuku a ndalama zomwezo. Kalaliki amene amalandira ndalama za malonda ndi kukazisiya kubanki sayenera kuyanjanitsa akaunti yomweyo, chifukwa akhoza kubisa kusowa kwa ndalama, ndipo maodita akaona zimenezi amazilemba ngati chofooka cha kampani. Njira yozungulira ilipo. Akhoza kuyanjanitsa akaunti ina imene ndalama zake sazigwira, kapena kusinthana ntchito yopita kubanki ndi kalaliki mnzake kwa miyezi ingapo. Kumvetsa chifukwa cha kukanaku n'kubweretsa yekha njira ina kumasonyeza kale maganizo a akauntanti.

Kumene kulibe mwayi ndi pang'ono pomwe, ntchito yeniyeni imapezeka kunja kwa ofesi. Mipingo, makomiti a sukulu, mabanki a m'mudzi ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama amasowa osunga chuma odziwa mabuku. Msungichuma wa mpingo amene amayanjanitsa akaunti mwezi ndi mwezi, kukonza bajeti ya chaka ndi kuima pamaso pa anthu kufotokoza mmene ndalama zayendera akuzolowera ntchito zitatu za pa ndandanda uja. Misonkho ya kampani ndi Sage sangaziphunzire kumeneko, koma kufotokozera manambala anthu osawadziwa, komanso kukana mwaulemu munthu wamkulu amene akufuna ndalama popanda risiti, amaziphunzira bwino lomwe.

Tchuthi cha akauntanti ndiwo mayeso aakulu. Kugwirizira udindo kwa mwezi umodzi kumaika zigamulo m'manja mwa kalaliki, ndipo kumaonetsa zoperewera zimene ndandanda sunaone. Kugwirizira kuli ndi msampha wake: kampani ikhoza kuzolowera kupeza ntchito ya akauntanti pa mtengo wa kalaliki. Chitetezo chake ndi kalata, ngakhale yachidule, yonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi ntchito zogwiriziridwa. Kalata yomweyo imadzakhala umboni pofunsira ntchito kwina.

Kudziwa ngati zikuyenda

Pakatha miyezi itatu ndandanda uja umatulutsidwanso, ndipo milingo imaikidwanso ndi anthu awiri omwe aja. Zizindikiro zakuti chosowa chikutha n'zooneka ndi maso. Zolakwa zimene akauntanti amazungulira ndi cholembera zimachepa, nthawi yomalizira imafupika, ndipo mafunso a kalaliki amasintha, kuchoka pa "ndichite bwanji?" kufika pa "ndachita chonchi pa chifukwa ichi, mukuona bwanji?" Chizindikiro chomaliza n'chakuti bwana amayamba kusaina atangoyang'ana mfundo zikuluzikulu, osawerenganso mzere uliwonse.

Zizindikiro zakuti ndondomeko yasochera n'zoonekanso. Ngati pa miyezi itatu zonse zimene zawonjezereka ndi maola owerenga ndi makanema oonera, popanda pepala limodzi la ntchito lochongedwa ndi wina, mulingo ukadali pa 1. Ngati ntchito ya ukalaliki yayamba kuchedwa chifukwa mwini wake watanganidwa ndi ya uakauntanti, ndiye kuti akugwetsa umboni wokhawo umene anali nawo, popeza palibe amene amakweza munthu amene mainvoisi ake aunjikana. Ndipo ngati cholakwa chomwecho chabwera miyezi itatu yotsatizana, monga kuwerengera VAT pa invoisi ya wogulitsa amene sanalembetse msonkhowo, vuto si la kuzolowera koma la chidziwitso, ndipo munthuyo ayenera kubwerera ku lamulo lenilenilo.

Umboni umasungidwa pamene ukupangidwa. Mapepala a kampani satuluka mu ofesi, koma kalaliki akhoza kukhala ndi kabuku kake kolembamo mwezi, ntchito, amene anachonga ndi zimene zinapezeka. Kabuku kotere kamasintha mmene munthu amayankhira pa intavyu. M'malo monena kuti amadziwa kuyanjanitsa mabuku, amanena kuti wayanjanitsa maakaunti awiri kwa miyezi isanu, ndipo amafotokoza ndalama imene inalowa popanda dzina ndi mmene anapezera mwini wake. Ofunsa mafunso amene anagwirapo ntchitoyo amasiyanitsa mayankho awiriwa mwamsanga.

Kukwaniritsa zoperewera sikutsegula mpando. Pa kampani ya ku Limbe ija pali akauntanti mmodzi, ndipo ngati sakuchoka kapena kukwera, kalaliki wokonzeka amakhalabe kalaliki. N'chifukwa chake ndandanda wa ntchito uja unatengedwa ku zilengezo za makampani ambiri, osati ku kampani imodzi. Wofunsira kunja sayenera kudikira kuti mizere yonse ifike pa 3. Pepala lofunikalo likakhalapo, ntchito za mwezi ndi mwezi zikafika pa 3 ndipo zotsalazo zili pa 2, kalata ikhoza kupita. Ntchito ngati kutsogolera oditi kapena kuyang'anira makalaliki ena sizifika pa mulingo 3 munthu asanakhale pa udindowo, ndipo olemba ntchito amayembekezera kuti wongokwezedwa kumene adzazizolowera m'chaka chake choyamba.